Makina amene Atwood anachedwetsera kugwa

Mwala ukapulumuka m'manja umagwa pafupifupi mamita 5 m'sekondi yoyamba yokha. Kwa akatswiri akale, amene analibe wotchi yogawa sekondi m'tizidutswa, liwiro lotere linali mutu waukulu. Galileo anazemba vutoli pogubuduza timipira pa thabwa lopendekeka, nthawi n'kumaiyeza ndi madzi otuluka m'chotengera, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 1638. Isaac Newton anadzalemba malamulo a kayendedwe ka zinthu mu 1687, koma mphunzitsi wofuna kuwaonetsa poyera m'kalasi analibe chida chabwino.

Chidacho chinabwera ndi George Atwood, Mngelezi wophunzitsa masamu ku Trinity College, pa yunivesite ya Cambridge, yemwenso anali chidakwa cha masewera a chesi. M'buku lake la 1784 anafotokoza makina ooneka achibwana. Pamwamba pa mzati wautali anaika pule, ndiye kuti kagudumu ka mpata wodutsamo chingwe, n'kupachika zitsulo ziwiri kunsonga za ulusi umodzi, china cholemererako pang'ono. Pambali panali ndodo yoyezera kutalika ndi wotchi yogunda sekondi iliyonse.

Nzeru yake inali yakuti mphamvu yoyendetsa ndi kusiyana chabe kwa kulemera kwa zitsulozo, pamene katundu woyenera kuyenda ndi zitsulo zonse ziwiri. Mukapachika magalamu 510 uku ndi 490 uko, kulemera kwa magalamu 20 ndiko kumakoka kilogalamu yathunthu. Liwiro limawonjezereka ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 50 a mmene likanachitira chitsulo chikanangogwa chokha. Mtunda wa masentimita 90, umene mwala umautha theka la sekondi lisanakwane, tsopano utenga masekondi atatu, ndipo munthu akhoza kuwerenga ndi khutu wotchi ikamagunda.

Lero makinawa amakhala kwambiri papepala la mayeso a fizikisi, ndipo funso limakonda kubwera chonchi: katundu wa 3 kg ndi wa 2 kg apachikidwa pa pule yopepuka, pezani a, kuwonjezereka kwa liwiro, ndi T, mphamvu ya kukungika kwa chingwe. Titenge g kukhala 10 m/s². Katundu aliyense mumuone payekha. Wa 3 kg dziko likumukokera pansi ndi 30 N, chingwe chikumukokera m'mwamba ndi T, ndipo iye akutsika, choncho 30 − T = 3a. Wa 2 kg akukwera, kutanthauza kuti chingwe chaposa kulemera kwake: T − 20 = 2a. Onse awiri ali ndi a mmodzi chifukwa chingwe sichitanuka; wina akatsika sentimita, mnzake wakwera sentimita. Mukaphatikiza mizere iwiriyi T amafafanizika, kutsala 10 = 5a, ndiye a ndi 2 m/s². Bwezerani 2 mu mzere wachiwiri, T atuluka 24 N.

Pa T m'pamene ambiri amapunthwa. Amalemba 30 N poganiza kuti chingwe chasenza katundu wamkulu yense. Chikanatero, katunduyo sakanayamba n'komwe kutsika. Yankho loona liyenera kugwera pakati pa 20 ndi 30, ndipo likatuluka kunja kwa malire amenewa, mwasokoneza chizindikiro penapake. Chodabwitsa china n'chakuti msomali wogwira pule umasenza 48 N, kawiri 24, osati 50 N, malinga ngati katunduyo akuyenda. Mukagwira gudumu kuti liime, 50 N yonse imabwerera.

Mawu oti "yopepuka" aja ndiwo amalola kuti T akhale mmodzi mbali zonse. Pule yeniyeni imalemera, ndipo kuti iyambe kuzungulira pamafunika kuti chingwe chikungike kwambiri mbali yotsika kuposa yokwera. Atwood sananamizire kuti gudumu lake n'lopanda kulemera, ndipo pamenepa ndimamuvulira chipewa kuposa mabuku ambiri a masiku ano. Mtanda wa pule anaugoneka pa timagudumu tinayi kuti kukhulana kuchepe, kenaka anayeza kuuma kwa magudumu onsewo poyamba kuzungulira, nakuwerengera ngati katundu wowonjezera pa zitsulo ziwiri zija.

Mphunzitsi amene angamange makinawa ndi pule yapulasitiki ndi ulusi wosokera adzapeza a wocheperako kuposa wa papepala. Njira yodziwira gwero lake ilipo. Apachike akatundu ofanana ndendende, akankhe mmodzi pang'ono: akaima msanga, ndiye kuti pamtanda pakukhulana, ndipo awonjezere timawaya mbali yotsika mpaka aziyenda pa liwiro losasintha. Kupereŵera kotsala pambuyo pake n'kwa kulemera kwa gudumu, ndipo kumachepa akapachika akatundu olemera kwambiri kuposa pule.