Kanenedwe kachifuniro m'Chisipanishi: zolakwika zotsatira mawu okayika, ofuna ndi akumtima

Chisipanishi chili ndi kanenedwe ka mneni kamene eni ake amati *subjuntivo*. Kamabwera m'chigawo chachiwiri cha chiganizo, pambuyo pa kamawu koti *que*, kofanana ndi "kuti", pamene chigawo choyamba chikunena za kufuna, kukayika kapena mmene munthu wamvera mumtima. Mu Afirika dziko lokhalo lodziimira palokha limene Chisipanishi ndi chinenero cha boma ndi Equatorial Guinea, choncho munthu wa ku Chipangali kapena ku Chipata sachimva pamsika. Amakumana nacho akapita kukaphunzira kunja, makamaka ku Cuba, kumene Azambiya ena anaphunzira udokotala, kapena akafuna kulemba mayeso a DELE amene amayendetsedwa ndi bungwe la Instituto Cervantes.

Wolankhula Chichewa sayambira popanda kanthu, chifukwa kanenedwe kachifuniro tili nako. Timati "akubwera", koma "ndikufuna kuti abwere". Mneni wasintha, watha ndi -e. Chisipanishi chimachita chimodzimodzi: *viene* ndi "akubwera", pamene *quiero que venga* ndi "ndikufuna kuti abwere". Kufananaku kumafika patali ndithu. *Dile que viene* ndi "umuuze kuti akubwera", ndipo *dile que venga* ndi "umuuze kuti abwere". Komabe ubale womwewu ndiwo umabala zolakwika zambiri, chifukwa zinenero ziwirizi zimayendera limodzi pa kufuna pokha, kenako zimapatukana.

Msampha woyamba uli m'khutu. Aneni a Chisipanishi ali m'magulu atatu, othera ndi -ar, -er ndi -ir. A gulu la -ar amatenga -e m'kanenedwe kachifuniro: *habla*, akulankhula, amakhala *hable*, alankhule. Apa khutu la Mchewa limavomereza. Koma a magulu awiri enawo amachita zotembenuza. Kwa iwo -e ndi kanenedwe wamba kofotokoza, ndipo kachifuniro kamathera ndi -a: *come*, akudya, koma *coma*, adye, *vive*, akukhala, koma *viva*, akhale. Motero wophunzira akanena *quiero que viene* kapena *quiero que come*, amamva ngati wakhoza, popeza -e uja wamveka, chonsecho walakwa. Njira yopezera mneni woyenera ndi kuyambira pa "ine" wa nthawi yatsopano, kuchotsa -o, n'kuika chilembo cha gulu linalo: *tengo* amabala *tenga*, *vengo* amabala *venga*, *hago* amabala *haga*. Aneni asanu ndi mmodzi satsata lamuloli ndipo ngongoloweza: *sea*, *vaya*, *haya*, *sepa*, *esté* ndi *dé*.

Pa kufuna pali kanthu kena. Chichewa chimalola zonse ziwiri, "ndikufuna kupita" ndi "ndikufuna kuti ndipite". Chisipanishi chimalola yoyamba yokha: wofuna ndi wochita akakhala munthu mmodzi, timati *quiero ir*. Amene wanena *quiero que vaya* wamveka kuti akufuna munthu wina apite. Kuyembekeza nakonso kumazembera anthu. Ife timati "ndikuyembekeza kuti mvula igwa", mneni osasintha, pamene kumeneko amati *espero que llueva*.

Pa kukayika Chichewa sichithandizanso. "Ndikukayika kuti abwera" ndi "sindikukhulupirira kuti abwera" zili m'kanenedwe wamba. M'Chisipanishi zonse ziwiri zimafuna kachifuniro: *dudo que venga*, *no creo que venga*. Chimene chikulamula ndi chakuti wolankhula akuimira kumbuyo nkhaniyo kapena ayi. *Creo que viene*, ndikukhulupirira kuti akubwera, ndi kuimira kumbuyo, choncho mneni ndi wamba. Mukangoika *no* patsogolo, mwachotsapo dzanja lanu ndipo mneni amasintha. Ophunzira amene angodziwa kumene lamuloli amalipitiriza muyezo n'kumanena *creo que venga*, poganiza kuti kukhulupirira ndi kukayika pang'ono. Uku n'kulakwa. Ndi mawu oti "mwina", *quizá* ndi *tal vez* amalola kanenedwe konse kawiri malinga ndi kukula kwa chikayiko, koma *a lo mejor*, ngakhale tanthauzo ndi lomwelo, amatsatidwa ndi kanenedwe wamba.

Zakumtima ndizo zimavuta koposa, ndipo ine ndimaona kuti mlandu uli pa kaphunzitsidwe. Ambiri amauzidwa kuti *subjuntivo* ndi kanenedwe ka zinthu zosachitika kapena zosatsimikizika. Koma *me alegro de que estés aquí*, ndakondwa kuti uli pano, amauzidwa munthu amene waima pamaso panu. Palibe chokayikitsa. Mneni wasintha chifukwa kukhalapo kwake si uthenga umene mukupereka. Nonse mukukudziwa kale, ndipo chatsopano ndi chimwemwe chanucho. Izi zimaonekera bwino ndi mneni *sentir*, amene ali ndi matanthauzo awiri. *Siento que estás enfermo* ndi "ndikuona ngati ukudwala", uthenga. *Siento que estés enfermo* ndi "pepa kuti ukudwala", chisoni. Chilembo chimodzi chasandutsa kupima kukhala kupepesa.

Tiyerekeze wophunzira wa ku Chipangali ali ku Havana, akulembera mnzake za kumudzi. Walemba kuti: *Me alegro de que mi madre ha vendido el maní. No creo que el dinero es suficiente. Mi padre quería que mi hermana estudia.* Akufuna kunena kuti wakondwa kuti amayi agulitsa mtedza, sakukhulupirira kuti ndalamayo ndi yokwanira, ndipo abambo ankafuna kuti mlongo wake aphunzire. Pokonza, timayamba ndi kupeza *que*, kenako kufunsa chimene mawu a kutsogolo kwake akuchita. M'chiganizo choyamba ndi chimwemwe, ndipo kugulitsako kwachitika kale, ndiye *ha vendido* akhala *haya vendido*. M'chachiwiri ndi kusakhulupirira, ndiye *es* akhala *sea*.

Chachitatu chili ndi zolakwika ziwiri zosanjikizana. Kufuna kukuitana kachifuniro, ndipo wophunzira wathu, atakumbutsidwa, angafulumire kulemba *estudie*. Koma *quería* ali m'nthawi yakale, ndipo Chisipanishi chimakokera mneni wachiwiri ku nthawi yomweyo: *quería que estudiara*, kapena *estudiase*, zonse n'zololedwa. Chichewa sichitero. "Akufuna kuti aphunzire" ndi "ankafuna kuti aphunzire" zili ndi mneni wachiwiri mmodzimodzi, n'chifukwa chake cholakwikachi chimakanirira ngakhale mwa anthu olankhula bwino.

Lamulo la m'buku ndi kalankhulidwe ka anthu sizigwirizana paliponse. Ku Peru, Bolivia, Ecuador ndi Argentina, *quería que vengas* amamveka tsiku ndi tsiku m'kamwa mwa eni chinenero, ndipo m'madera ena a ku Amereka kanenedwe wamba kamamveka pambuyo pa mawu akumtima. Buku lalikulu la malamulo a Chisipanishi limene Real Academia Española inatulutsa mu 2009, mogwirizana ndi mabungwe anzake a m'mayiko olankhula chinenerochi, limafotokoza kusiyana kotereku. Koma *quiero que viene* si kalankhulidwe ka dera lililonse, ndipo mwini chinenero amamva msanga kuti wolankhulayo ndi mlendo. Pa mayeso, njira yotetezeka ndi ya m'buku.

Amene anaphunzira Chipwitikizi ku Tete kapena ku Niassa amapeza zambiri mwa izi zili zozolowereka, chifukwa nachonso chimasintha mneni pambuyo pa kufuna, kukayika ndi zakumtima: *duvido que venha* ndi mnzake wa *dudo que venga*. Kusiyana kwakukulu kuli pa nthawi yam'tsogolo ya kanenedweka, imene Chipwitikizi chimagwiritsa ntchito tsiku lililonse, monga mu *quando vier*, pamene m'Chisipanishi inatsala m'zolemba za malamulo ndi m'miyambi yakale, ndipo anthu amangoti *cuando venga*.