Kulamula foni ndi mawu poyendetsa galimoto

Kulamula ndi mawu ndi njira yomwe woyendetsa galimoto amauza foni, kapena makina a m'galimoto, zoti achite popanda kugwira chilichonse: kuimbira munthu, kufufuza malo pa mapu, kusintha nyimbo, kuwerenga uthenga kapena kuuyankha. Kampani ya Ford inayika makina otere, otchedwa Sync, m'galimoto zake mu 2007. Siri inabwera ndi iPhone 4S mu 2011, ndipo Apple CarPlay ndi Android Auto, zomwe zimasamutsira ntchito za foni pa sikirini ya galimoto, zinayamba kupezeka mu 2014 ndi 2015. Cholinga cha zonsezi n'chakuti manja akhale pa chiwongolero ndipo maso akhale pamsewu. Cholinga chimenechi chimakwaniritsidwa ndithu, koma dalaivala amasokonezeka m'njira zitatu: manja, maso ndi maganizo. Kulamula ndi mawu kumathandiza pa ziwiri zoyambazo, pomwe chachitatu chimatsala, ndipo nthawi zina chimakula.

Mmene zimagwirira ntchito

Dalaivala amadzutsa makinawo podina batani la pa chiwongolero, lomwe kawirikawiri limakhala ndi chithunzi cha nkhope yoyankhula, kapena potchula mawu odzutsira monga "Hey Siri" ndi "Hey Google". Maikolofoni imatola mawu ake, pulogalamu imawasandutsa zilembo, kenako imayesa kupeza chimene munthuyo akufuna, n'kuchichita. Mafoni atsopano amatha kumva mawu ena pawokha, koma kufufuza malo ndi kufunsa mafunso kumadalirabe intaneti. Pamene netiweki yafooka, yankho limachedwa kapena silibwera n'komwe.

Pa sitepe iliyonse pakhoza kulowa vuto. Phokoso la injini, mphepo yolowera pawindo, msewu wa maenje ndi macheza a anthu okwera zimabisa mawu a dalaivala. Kwa oyankhula Chichewa pali vuto lina: Siri simva Chichewa, ndipo malamulo omwe makinawa amawatsatira bwino ndi a Chingerezi. Mayina ngati Nkhotakota, Chigumula kapena Mponela amatha kumveka molakwika, chimodzimodzinso dzina losungidwa m'foni ngati "Amayi a Chikondi". Zimenezi sizongotopetsa chabe. Makina akalakwitsa, munthu amabwereza, amakwiya, ndipo mapeto ake amayang'ana pa sikirini kuti aone chomwe chamveka. Pamenepo phindu lonse la kusagwira foni latha.

Zomwe ofufuza anapeza

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti dalaivala amene akugwiritsa ntchito foni amakhala pa chiopsezo chochita ngozi kuwirikiza pafupifupi kanayi, ndiponso kuti foni yosagwira m'manja siyisiyana kwenikweni ndi yogwira m'manja. Chifukwa chake chinaoneka bwino m'kafukufuku wa David Strayer wa ku yunivesite ya Utah ku America, yemwe anagwira ntchito ndi bungwe la AAA Foundation for Traffic Safety. Mu 2013 iye ndi anzake anayika ntchito zosiyanasiyana pa muyeso wochokera pa 1 kufika pa 5, malingana ndi mmene zimalemetsera maganizo. Kumvera wailesi kunali pa gawo loyamba. Kuyankhula pa foni kunali pa gawo lachiwiri, kaya foniyo ili m'manja kaya ayi. Kumvera ndi kuyankha mauthenga pogwiritsa ntchito mawu kunafika pa gawo lachitatu, kutanthauza kuti kulembetsa uthenga kwa makina kumatenga maganizo ambiri kuposa kucheza ndi munthu pa foni.

Mu 2015 gulu lomwelo linapeza chinthu chomwe madalaivala ambiri sachiganizira. Munthu akamaliza kulamula, maganizo sabwerera pamsewu nthawi yomweyo. Pa makina ovuta kwambiri kusokonezekako kunkapitirira mpaka masekondi 27. Galimoto yoyenda makilomita 40 pa ola imadutsa mamita 300 m'nthawi imeneyi, ndipo ya makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 600. Choncho kulembetsa uthenga pamene mwaima pa maroboti sikuchotsa chiopsezo chonse, chifukwa galimoto ikanyamuka mutu umakhala ukadali pa uthenga uja, pamalo pomwe anthu akuwoloka.

Ku Britain, kafukufuku wa mu 2020 yemwe bungwe lofufuza za pamsewu la TRL linachitira bungwe la IAM RoadSmart anayesa madalaivala pa makina ofanizira kuyendetsa. Pogwiritsa ntchito mawu, nthawi yochitira kanthu pakaoneka choopsa inatalika ndi 30 peresenti pa Android Auto ndi 36 peresenti pa CarPlay. Podina pa sikirini inatalika ndi 53 ndi 57 peresenti. Ziwerengerozi ziyenera kuwerengedwa mbali zonse ziwiri: mawu ndi abwino kuposa chala, koma dalaivala wosachita chilichonse ndiye amafulumira kuposa onsewo.

Chimene chimachitika m'mutu n'chakuti maso amakhala pamsewu koma ubongo sulemba zonse zomwe akuona. Munthu amangoyang'ana patsogolo, pakati pa msewu, n'kusiya kusuzumira m'magalasi ndi m'mbali. Koma m'mbalimo ndi mmene mumachokera mwana, mbuzi, njinga ya kabaza ndi minibasi yonyamuka mosapereka chizindikiro. Anthu amafunsa kuti nanga kucheza ndi mnzako wokhala pampando wakutsogolo kumasiyana bwanji. Mnzakoyo akuuona msewu womwewo. Zinthu zikavuta amakhala chete, mwinanso amakuchenjeza. Munthu wa pa foni sakuona chilichonse, ndipo makina amene akudikira yankho sadziwa kuti kutsogolo kuli lole.

Chitsanzo: pakati pa Dedza ndi Ntcheu

Tiyerekeze dalaivala amene akuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre pa msewu wa M1. Wadutsa Dedza, akuyenda makilomita 80 pa ola, kapena kuti pafupifupi mamita 22 pa sekondi iliyonse. Akufuna zinthu ziwiri: kumwetsa mafuta, ndi kudziwitsa amene akumudikira kuti achedwa.

Za mafuta angazifunse m'njira ziwiri. Akapempha kuti makina afufuze malo omwetsera mafuta, kawirikawiri pamabwera mndandanda pa sikirini, ndipo iye ayenera kuwerenga ndi kusankha. Kuyang'ana kamodzi kwa masekondi awiri ndi mamita 44 oyenda osaona msewu, ndipo masekondi awiriwo ndiwo malire omwe bungwe la NHTSA la ku America linayika mu 2013 m'malangizo ake kwa opanga galimoto. Mndandanda wa malo atatu suwerengeka ndi kuyang'ana kumodzi. Njira yabwinoko ndi lamulo lomwe lili kale ndi chisankho mkati mwake:

```
Hey Google, navigate to the nearest petrol station
```

Nthawi zambiri lamulo lotere limayambitsa ulendo pa mapu, ndipo malangizo amabwera pa sipika. Makina akapanda kumva, abwereze kamodzi kokha. Akalepheranso, asiye. Mafuta adzawapeza ku Ntcheu poyang'ana ndi maso ake.

Uthenga ndi wolemera kuposa pamenepo, ndipo kulemera kwake kumaoneka tikawerenga masitepe. Dalaivala amadzutsa makina, amatchula dzina la wolandira, amatsimikiza kuti ndi munthu woyenera ngati pali mayina ofanana, amapeka mawu a uthenga, amamvetsera pamene ukuwerengedwanso, kenako amavomereza kapena kukonza. Kupeka ndi kumvetsera zolakwika ndiko kumadya maganizo kwambiri, makamaka ngati munthu akuganiza m'Chichewa n'kumalembetsa m'Chingerezi. Tiyerekeze kuti zonsezi zatenga masekondi 30. Ndi mamita oposa 650, ndipo kuwonjezera nthawi yoti mutu ubwerere, mtundawo ukhoza kupitirira kilomita imodzi. Ngati anayamba ntchitoyi akuyandikira Lizulu, ndiye kuti afika pa msika, pomwe ogulitsa mbatatesi ndi kabichi ali m'mphepete mwa phula ndipo anthu akuwoloka paliponse, maganizo ake asanakhazikike. Munthu amene amaponda mabuleki patatha sekondi imodzi, akachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi pa liwiro la 80, amayenda mamita 7 owonjezera asanayambe n'komwe kuima. Mamita 7 ndi aatali kuposa galimoto yaing'ono.

Yankho loyenera pa uthengawu si kuufupikitsa chabe. Aime pamalo otakasuka, kunja kwa msewu, kapena autumize pamene akumwetsa mafuta ku Ntcheu. Amene akumudikira sataya kanthu ndi mphindi makumi awiri.

Malire oyenera

Chosiyanitsa ntchito yololeka ndi yosaloleka ndi ichi: kodi ikutha ndi chiganizo chimodzi, popanda kuyang'ana ndi popanda kusankha? Kuimitsa nyimbo, kudumphira nyimbo ina, kufunsa nthawi yofikira, kapena kuyambitsa ulendo wopita ku malo osungidwa kale ngati "Home" zimatha choncho. Kufufuza nkhani pa intaneti, kuyankha mauthenga a pa gulu la WhatsApp, kukambirana mitengo ya katundu ndi kukangana ndi wachibale sizitha choncho, ngakhale makina atamva liwu lililonse molondola. Ngakhale lamulo lalifupi lili ndi nthawi yake yolakwika: podutsa galimoto ina, pa mphambano, pa msika, pafupi ndi sukulu, mumvula, usiku pamene magetsi a galimoto zobwera akuthobwa m'maso. Dalaivala amene wangotenga kumene laisensi achita bwino kusiyiratu zonsezi, popeza kuyendetsa kwenikweniko kumam'dyera kale maganizo onse.

Ntchito yaikulu imachitika galimoto isananyamuke. Foni ilumikizidwe ndi Bluetooth kapena waya, ikhale pa chogwirira cholimba chomwe sichikutchinga galasi lakutsogolo. Komwe mukupita kulembedwe pa mapu mukadali pabwalo, ndipo mapu a dera lonselo atsitsidwiretu kuti netiweki ikathawa malangizo asaduke. Mayina a anthu awiri kapena atatu omwe mungafunedi kuwaimbira asungidwe m'mawu aafupi omwe makina amamva mosavuta, ndipo ayesedwe galimoto ili chiimire. Pa iPhone pali Driving Focus, yomwe imatseka zidziwitso ndipo ikhoza kuyankha yokha kuti mukuyendetsa. Ngati pali wokwera naye, foni ikhale kwa iye.

Munthu angadzizindikire yekha kuti wadutsa malire. Liwiro limatsika kapena kukwera iye osadziwa. Amadutsa pokhotera pomwe amapadziwa bwino, amaponda mabuleki modzidzimuka, kapena amapeza kuti sakukumbukira chilichonse cha kilomita yomwe wangodutsa. Chimodzi mwa izi chikachitika, foni idulidwe nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa chiganizo.

Malamulo a mayiko ambiri amaletsa kugwira foni koma amalola kuyankhula osaigwira. Ku South Africa ndi choncho. Ku Britain kugwira foni poyendetsa kunaletsedwa mu 2003. Chilango chake kuyambira 2017 ndi mapaundi 200 ndi mapointi 6 pa laisensi, ndipo mu 2022 lamulolo linakulitsidwa kuti likhudze pafupifupi chilichonse chomwe munthu angachite foni ili m'manja, ngakhale ataima pa maroboti. Kumeneko kulamula ndi mawu n'kololedwa, komabe wapolisi akhoza kumuimitsa ndi kumuzenga mlandu dalaivala amene akuoneka kuti sakuiwongolera bwino galimoto chifukwa chosokonezeka.