Kupeka solo pa makhodi a jazi

Kupeka solo pa makhodi a jazi ndi luso loimba mzere watsopano wa manoti nthawi yomweyo, motsatira makhodi a nyimbo amene anzake a woimbayo akuliza pa piyano, gitala kapena besi. Mu jazi gulu limayamba ndi kuimba nyimbo monga idalembedwera, kenako oimba amasinthana kupeka pamene makhodi akubwerezedwa mundondomeko yomweyo. Wopeka amatenga manoti ake m'malo awiri: mu khodi imene ikulira pa nthawiyo, ndi mu sikelo yogwirizana ndi khodiyo. Manoti a khodi ndiwo amaonetsa womvera pamene nyimbo yafika, pomwe manoti ena a sikelo ndi njira yoyendamo kuchoka pa noti ina ya khodi kupita pa inzake.

## Chiyambi

Jazi idayamba ku New Orleans, m'dziko la America, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Oimba oyambirira ankakonda kukometsera nyimbo imene ilipo kale, koma pang'onopang'ono adayamba kupeka kuchokera pa makhodi enieniwo. Chitsanzo chotchuka ndi "Body and Soul" imene Coleman Hawkins adajambula ndi sakisofoni mu 1939. M'zaka za m'ma 1940 Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie adakulitsa njirayi mu mtundu wa jazi wotchedwa bibopu.

Ganizo lopatsa khodi iliyonse sikelo yakeyake lidafala pambuyo pake. George Russell adatulutsa buku lake pa nkhaniyi mu 1953, ndipo chimbale cha Miles Davis chotchedwa "Kind of Blue", cha mu 1959, chili ndi nyimbo ngati "So What" momwe khodi imodzi imakhala nthawi yaitali moti wopeka amadalira sikelo. Masiku ano njira ziwirizi zimaphunzitsidwa pamodzi.

## Manoti a khodi

Makhodi ambiri a jazi ali ndi manoti anayi. Amapangidwa poyambira pa noti imodzi ya sikelo, yotchedwa tsinde, n'kumadumpha noti imodziimodzi: tsinde, yachitatu, yachisanu ndi yachisanu ndi chiwiri. M'nkhani ino manotiwa azitchulidwa ndi manambala 1, 3, 5 ndi 7.

Ndondomeko ya makhodi yopezeka kwambiri mu jazi imalembedwa ii–V–I. Awa ndi makhodi omangidwa pa noti yachiwiri, yachisanu ndi yoyamba ya kiyi, zomwe ozolowera solofa ya m'makwaya amazidziwa kuti re, so ndi do. Mu kiyi ya C makhodiwo ndi awa:

```
Dm7    = D  F  A  C
G7     = G  B  D  F
Cmaj7  = C  E  G  B
```

Manoti anayiwa salemera mofanana. Tsinde nthawi zambiri amaliimba ndi wa besi, ndipo 5 ndi yofanana pa mitundu itatu yonseyi ya makhodi, choncho siuza khutu zambiri. Zimene zimasiyanitsa makhodi ndi 3 ndi 7. Noti 3 ndiyo imanena ngati khodi ndi meja kapena maina, pamene 7 imasiyanitsa khodi ya dominanti, monga G7, yomwe imamveka ngati ikufuna kupita kwina, ndi khodi yokhazikika monga Cmaj7.

## Manoti otsogolera

Manoti 3 ndi 7 amatchedwa otsogolera chifukwa cha mmene amayendera khodi ikasintha. Mu ii–V–I, noti 7 ya khodi ina imatsika theka la sitepe n'kusanduka 3 ya khodi yotsatira. Theka la sitepe ndi mtunda waung'ono kwambiri pakati pa manoti awiri, womwe pa gitala ndi fureti imodzi.

Noti 7 ya Dm7 ndi C, ndipo ikatsika theka la sitepe imafika pa B, yomwe ndi 3 ya G7. Noti 7 ya G7 ndi F, ndipo ikatsika imafika pa E, yomwe ndi 3 ya Cmaj7. Woimba amene angaimbe C kupita pa B, kenako F kupita pa E, pa nthawi imene makhodi akusintha, amamveketsa ndondomeko yonse ngakhale popanda chida china chomuperekeza. N'chifukwa chake aphunzitsi a jazi amalangiza kusankha kaye noti yoti ifikiridwe pa biti yoyamba ya khodi yatsopano, kenako n'kufuna njira yokafikirapo.

## Masikelo ndi malire ake

Makhodi atatu aja onse amachokera mu sikelo ya C meja. Sikelo yomweyi ikayambira pa D imatchedwa Doriyani, ikayambira pa G ndi Mikisolidiyani, ndipo ikayambira pa C ndi Ayoniyani. Manoti ndi omwewo asanu ndi awiri, koma ntchito ya noti iliyonse imasintha ndi khodi. Noti F ndi 3 pa Dm7 ndipo imakhala bwino, ndi 7 pa G7, koma pa Cmaj7 imagundana ndi E chifukwa ili theka la sitepe pamwamba pake. Chimodzimodzinso C: ndi ya m'khodi pa Dm7, koma pa G7 imagundana ndi B. Manoti otere amamveka bwino akangodutsidwa mofulumira, osati kuimapo. Ena amakweza F kukhala F# pa Cmaj7 kuti achotse kugundanako.

Vuto lina ndi la mawerengedwe. Nyimbo zambiri za jazi zili ndi mabiti anayi mu baa iliyonse, ndipo opeka amakonda kuimba manoti awiri pa biti, kutanthauza manoti asanu ndi atatu pa baa. Sikelo ili ndi manoti asanu ndi awiri okha. Woimba akatsika kuchokera pa G pa khodi ya G7, manoti ogwera pa mabiti amakhala G, E, C ndi A, ndipo mwa anayiwa G yekha ndiye wa m'khodi. Oimba a bibopu ankaonjezera noti yodutsira pakati pa G ndi F:

```
G  F#  F  E  D  C  B  A
1   &  2  &  3  &  4  &
```

Tsopano pa mabiti pagwera G, F, D ndi B, omwe ndi manoti onse anayi a G7. Sikelo ya manoti asanu ndi atatuyi imatchedwa sikelo ya bibopu.

## Chitsanzo cha mzere wathunthu

Mzere uwu ukusonyeza zonsezi pamodzi, khodi iliyonse ikutenga baa imodzi:

```
Dm7              | G7                | Cmaj7
F E D E F G A C  | B A G F# F E D F  | E
```

Mu baa yoyamba, manoti a pa mabiti ndi F, D, F ndi A, onse a Dm7, pamene E ndi G akungodutsa. Noti yomaliza ndi C, yomwe ikutsikira pa B poyamba pa G7. Mu baa yachiwiri F# waikidwa kuti F agwere pa biti yachitatu ndi D pa yachinayi. Baayo ikutha ndi F, amene akutsikira pa E poyamba pa Cmaj7. Manoti onse kupatula F# ndi a sikelo ya C meja, koma makhodi akumveka chifukwa cha malo amene manotiwo aikidwa.

## Pamene sikelo imodzi siikwanira

Nyimbo ya "Autumn Leaves", imene Joseph Kosma adapeka ku France m'zaka za m'ma 1940, imagwiritsidwa ntchito kwambiri pophunzitsa. Oimba jazi ambiri amaiimba mu G maina, monga mmene ilili pa chimbale cha Cannonball Adderley cha mu 1958, "Somethin' Else". Mabaa ake asanu ndi atatu oyambirira ali motere:

```
Cm7 | F7 | Bbmaj7 | Ebmaj7 | Am7b5 | D7 | Gm | Gm
```

Makhodi asanu oyamba onse amachokera mu sikelo ya Bb meja, yomwe ndi Bb C D Eb F G A. Mzere wa manoti otsogolera umatsika pang'onopang'ono: Eb amakhala pa Cm7 ndi F7, D pa Bbmaj7 ndi Ebmaj7, C pa Am7b5 ndi D7, ndipo umathera pa Bb pa Gm. Noti iliyonse imayamba ili 3 ya khodi yoyamba, n'kusanduka 7 ya khodi yachiwiri isanatsike.

Pa D7 ndi pamene sikelo ya Bb meja imalephera. Khodiyi ili ndi D, F#, A ndi C, ndipo F# mulibe mu sikeloyo. Komatu F# ndiye 3 wa khodi, ndipo ndiye amakokera khutu ku G. Wopeka amene angapitirize ndi Bb meja osasintha kanthu amaimba manoti osapweteka m'khutu, koma kufika kwa G maina sikumveka. Pofuna kukonza izi amakweza F kukhala F# pa baa imeneyi yokha, ndipo zotsatira zake ndi sikelo ya G maina ya hamoniki: G A Bb C D Eb F#. Noti Eb ili theka la sitepe pamwamba pa tsinde la D7, ndipo imapereka kulira kokakamiza komwe kumamasuka ikatsikira pa D khodi ya Gm ikafika.

## Zolakwika zofala

Cholakwika choyamba ndi kuthamanga mu sikelo chokwera ndi chotsika osasamala khodi. Chimadziwika mosavuta: woimba akadzijambula yekha popanda zida zina, womvera sangathe kudziwa pamene khodi yasintha. Chachiwiri ndi kuyamba khodi iliyonse pa tsinde lake, zomwe zimangobwereza zimene wa besi akuimba ndipo zimadula mzere pa baa iliyonse. Chachitatu ndi kuimba manoti a khodi okhaokha, 1-3-5-7, moti solo imamveka ngati zoyeserera za m'kalasi.

Pophunzira, ambiri amatenga nyimbo imodzi pa liwiro lochepa. Amayamba ndi kuimba 3 yokha pa khodi iliyonse, kenako 3 ndi 7, kenako manoti onse anayi molumikiza khodi ndi inzake pa noti yoyandikira kwambiri. Manoti ena a sikelo amaonjezedwa pomaliza.

Malamulowa ndi a kasankhidwe ka manoti kokha. Satchula za kamvekedwe ka chida, kagawidwe ka nthawi kapena malo opumira, zomwe oimba amaziphunzira pomvera ndi kutsanzira masolo ojambulidwa. Oimba odziwa amawaphwanyanso dala, monga poimba sikelo ya buluzi pamwamba pa makhodi angapo, kapena potuluka mu kiyi kwa kanthawi n'kubwerera pa noti ya khodi.