Modemu, rauta ndi akisesi poyinti

Modemu, rauta ndi akisesi poyinti: zipangizo zitatu zimene uthenga umadutsamo pochokera ku kampani yogulitsa intaneti mpaka kukafika pa foni kapena kompyuta.

Modemu ndiyo imalumikiza nyumba ku kampaniyo. Imasandutsa zizindikiro zobwera pa chingwe cha telefoni kapena pa mafunde a 4G kukhala uthenga umene makompyuta amamva. Pa faiba, ntchitoyi imagwiridwa ndi kabokosi kotchedwa ONT. Nyali yake ya LOS ikayaka mofiira, kuwala sikukufika, ndipo vuto lili pa chingwe kapena ku kampani.

Rauta imagawira intanetiyo zipangizo zonse za m'nyumba. Chilichonse imachipatsa adiresi yakeyake, monga 192.168.1.20. Chingwe chochokera ku modemu chimalowa pa bowo lolembedwa WAN.

Akisesi poyinti imaulutsa wayifayi basi, sigawa maadiresi. Kawirikawiri zitatuzi zimakhala m'bokosi limodzi, lomwe ambiri amangolitchula kuti rauta.

Chizindikiro cha wayifayi chikadzaza koma masamba osatseguka, akisesi poyinti ikugwira. Kompyuta ikaonetsa adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinaipatse adiresi. Ngati adiresi ili bwino, amayesa malamulo awiri awa, loyambalo ndi adiresi ya rauta yeniyeniyo:

```
ping 192.168.1.1
ping 8.8.8.8
```

Loyamba likalephera, vuto lili m'nyumba. Loyamba likayankha, lachiwiri n'kulephera, amayang'ana chingwe cha WAN, modemu, kapena ngati bando yatha.