Kulemba Mbiri ya Angoni a kwa Zulu pa Mzere Umodzi

Inu aphunzitsi ndi ana a sukulu a kwa Inkosi Zulu m'boma la Mchinji, madzulo ano tikambirane za kalembedwe ka mbiri pa mzere wa zaka, kuti mwana asasenze zaka zambirimbiri m'mutu monga mtolo wa nkhuni zonyowa. Titenga mbiri yanu yomwe, ya Angoni a Mpezeni.

Tengani rula, mujambule mzere wa masentimita 16 chopingasa pa pepala. Kumanzere lembani 1820, kumanja 1900. Motero masentimita awiri alionse aimira zaka khumi. Pa mzerewo tizikapo zikhomo zitatu zokha, ndipo chikhomo chilichonse chinyamule zinthu zitatu: chaka pa mzere penipeni, dzina la munthu pamwamba, ndi chifukwa chake pansi.

Chikhomo choyamba chikhale pa masentimita atatu, ndicho 1835. Pamwamba lembani Zwangendaba. Pansi lembani kuti anaoloka Zambezi pothawa nkhondo za Shaka kummwera. Chaka ichi nchodalirika koposa zinzake, pakuti akuluakulu a Angoni anasunga mawu akuti dzuwa linada tsiku loolokalo, ndipo akatswiri a zakuthambo anawerenga napeza kuti kadamsana anaonekadi ku dera limenelo m'mwezi wa Novembala 1835. Chizikeni ndi inki yakuda bii.

Chikhomo chachiwiri ndicho imfa ya Zwangendaba ku Mapupo, m'dziko la Afipa, kumene lero ndi Tanzania. Apa chenjerani. Mabuku ena anena 1845, ena 1848, popeza panalibe wolemba tsikulo. Musakangane nazo. Jambulani kamzere kamadonthomadontho kuyambira pa masentimita asanu kufika pa asanu ndi theka ndi pang'ono, mulembe "cha m'ma 1848". Mwana woona madontho adziwa yekha kuti chaka ichi nchoyerekeza. Pansi pake lembani kuti mkangano wa ufumu unagawa mtundu, M'mbelwa ndi anthu ake kwina, Mpezeni ndi ake kwina.

Chikhomo chachitatu chili kutali, pafupi ndi mapeto a mzere: 1898. Pamwamba lembani Nsingo, mwana wa Mpezeni. M'mwezi wa Januwale chaka chimenecho asilikali a Angerezi ochokera m'dziko lathu lino anathira nkhondo Angoni. Mikondo inalephera pamaso pa mfuti, Nsingo anagwidwa nawomberedwa mu Febuluwale, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa.

Tsono yang'anani mpata wa pakati pa chikhomo chachiwiri ndi chachitatu. Ndi masentimita khumi, ndiko kunena zaka 50. Apa mpamene ambiri alakwa. Amaika zikhomo motalikirana mofanana kuti chithunzi chikongole, ndipo mwana aganiza kuti Zwangendaba atangomwalira Azungu anafika mawa lake. Koma m'zaka zimenezo Mpezeni anayenda ulendo wautali, nakhala pakati pa Ansenga, nafika ku mapiri a ku Chipata, nagonjetsa Mkanda, mfumu ya Achewa. Izi zilembeni ndi pensulo m'mpatamo popanda chaka, ndi mawu awiri kapena atatu basi.

Mzere woyezedwa bwino uyankhanso funso limene ana ochenjera amafunsa, loti bwanji nkhondo anaitsogolera Nsingo pamene Mpezeni anali moyo. Jambulani kamzere kena pamwamba, ka moyo wa Mpezeni. Iye anali kamwana pooloka Zambezi mu 1835, ndipo anamwalira mu 1900. Mwana awerenge yekha zaka za pakati pa 1835 ndi 1898: apeza 63. Ndiye kuti pa nthawi ya nkhondo Mpezeni anali nkhalamba, ndipo anyamata a mikondo anatsata mwana wake.

Nanga zaka zina tizitaye? Iyayi, koma zisakhale zikhomo. Mzungu wa ku Jeremani, Carl Wiese, anati Mpezeni anampatsa dziko, ndipo kalata yakeyo inafika m'manja mwa kampani ya North Charterland imene inali kufuna golide. Izi zikolowekeni ndi muvi pansi pa 1898, pakuti ndizo chifukwa chake. Chomwechonso dzina lakale la boma lanu, Fort Manning, lochokera kwa William Manning, mkulu wa asilikali aja: likhale ndi muvi wotuluka mu 1898, monga chotsatira.

Poyesa ngati mzere wagwira, phimbani pepala, mwana auwerenge chobwerera m'mbuyo, kuyambira 1898 mpaka 1835, akulumikiza chikhomo ndi chinzake ndi mawu akuti "izi zisanachitike". Akatchula chaka koma chifukwa namuthawa, mwachulutsa zolemba pansi pa chikhomocho, fufutanipo zina. Ndipo musanapachike mzere wanu pa khoma, pitani nawo kwa agogo a m'mudzi mwanu, muwafunse pamene makolo a banja lanu alowa.