Zizindikiro zosonyeza kuti uthenga wawerengedwa

Chizindikiro chosonyeza kuti uthenga wawerengedwa ndi yankho laling'ono limene foni ya wolandira imabweza yokha kwa wotumiza uthengawo ukatsegulidwa. Pa WhatsApp zimenezi zinayamba mu Novembala 2014.

Mmene zimagwirira ntchito

Pansi pa uthenga uliwonse pamaoneka tizizindikiro tochonga. Kamodzi kotuwa kamatanthauza kuti uthenga wachoka m'foni ya wotumiza koma sunafike kwa mnzakeyo. Tiwiri totuwa timasonyeza kuti wafika m'foni yake. Tikasanduka tabuluu, ndiye kuti wina watsegula pamene pali uthengawo.

Mwachitsanzo, mlimi wa ku Angonia walembera wogula wa mumzinda wa Tete kuti matumba 20 a mbatatesi akonzeka. Ngati kachizindikiro kakhala kamodzi tsiku lonse, n'kutheka kuti foni ya wogulayo yazima, ilibe netiweki kapena mamega atha. Apa ndi bwino kumuimbira mbatatesi zisanayambe kuwola. Ngati tili tiwiri totuwa, uthenga wafika, koma sizikudziwika ngati wauona. Mwina sanautsegule, mwina wauwerengera pamwamba pa foni pamene unkalowa, kapena anatseka zizindikirozi.

Ngakhale tabuluu si umboni wokwanira. Pakhomo pamene foni ndi imodzi, mwana akhoza kutsegula uthenga bambo ake ali kumunda. Komanso kutsegula uthenga si kuvomera mtengo.

Chifukwa chake ambiri amazitseka

Chifukwa chachikulu ndi kupewa kukakamizidwa kuyankha msanga. Wogula uja angafune kuyamba wafunsa mitengo kwina kapena kupeza galimoto, ndipo safuna kuti mlimi aganize kuti akumunyalanyaza. Ena safuna kuti anthu azidziwa nthawi imene agwira foni, makamaka usiku, popeza zimenezi zimabutsa mikangano m'banja. Enanso amapewa akuba a pa foni, chifukwa chizindikirocho chimawauza kuti nambala ikugwira ntchito ndipo mwini wake amawerenga zimene alandira.

Katsekedwe kake ndi malire ake

Pa foni ya Chipwitikizi, munthu amalowa pa `Definições`, kenako `Privacidade`, n'kuzimitsa `Recibos de leitura`. Pa ya Chingerezi mawu ake ndi `Settings`, `Privacy` ndi `Read receipts`.

Wotseka nayenso saonanso tizizindikiro tabuluu pa mauthenga amene watumiza, ndipo sadziwa amene aona zimene waika pa `Status`. M'magulu, monga la kalabu ya alimi, zizindikirozi sizitsekeka. Kumeneko zimasanduka zabuluu onse a m'gulu akawerenga, ndipo wotumiza angathe kuona mayina a amene atsegula uthenga wake.

Uthenga wamba wa SMS ndi wosiyana. Lipoti lake limangonena kuti wafika pa foni, osati kuti wawerengedwa.