Kalibuleshoni si kukonza chowonongeka

Alimi ena othirira kwa Chapananga akamva mlangizi akuti kachipangizo koyezera chinyezi m'nthaka kakufunika kalibuleshoni, amaganiza kuti kafa. Ayi ndithu. Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, ndipo amatanthauza kuyerekeza zomwe chipangizo chikunena ndi muyeso wodalirika, kuti tidziwe pomwe chikuphonya.

Tinene kuti m'dimba la chimanga m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza kachipangizoko kakuti chinyezi chili pa 32 peresenti. Mlangizi amatapa dothi pomwepo ndi kachitini ka mamililita 100, n'kulitsekera msanga lisaume. Pa sikelo likulemera magalamu 160. Akaliumitsa mu uvuni pa madigiri 105 kwa maola 24, latsala 135. Magalamu 25 asowawo ndi madzi, omwe ndi mamililita 25 pa mamililita 100 a dothi aja: chinyezi chenicheni ndi 25 peresenti. Kachipangizo kaja kawonjeza 7, zomwe zimachitika m'makande ndi m'dothi lamchere.

Kamodzi sikokwana. Amabwereza dothi lili lonyowa, lapakatikati ndi louma, munda uliwonse pawokha. Mukapanda kutero, muzengereza kuthirira chimanga chikufota, inu mukukhulupirira nambala.